Mwini nkhani pagulu la WhatsApp mumamudziwa ndi zimene zimatsatira mawu ake

Gulu lililonse la WhatsApp lili ndi munthu amene foni yake sipuma. Ndiye amalonjera m'mawa, ndiye amaponya zithunzi, ndiye amakumbutsa za msonkhano. Mukafunsa kuti akuyendetsa gululi ndani, ambiri amaloza iyeyo, makamaka ngati alinso adimini. Nthawi zina amakhala atalondola. Koma kawirikawiri munthu ameneyu amakhala wantchito wa gulu, pamene chiwongolero chili m'manja mwa wina amene walemba mizere iwiri yokha usiku wonse.

Chimene ndikufuna kufotokoza n'chakuti mphamvu ya munthu pa zokambirana siili mu uthenga wake. Ili mu mauthenga amene abwera pambuyo pake. Kodi anthu amuyankha? Amuyankha msanga kapena mochedwa? Nkhani imene wayambitsa yapitirira kapena yafera pomwepo? Iye akanena kuti basi, anthu asiyadi? Zimenezi zimaoneka ndi maso, zimawerengeka, ndipo sizifuna kuti mulowe mumtima mwa munthu.

Nditenga usiku umodzi wa gulu la banja lathu, pamene tinkakambirana zomanga chiliza cha agogo athu aakazi, obereka mayi. Mayina ndawachotsa, ndangosiya ubale.

18:02 Achimwene: Abale, nkhani ya chiliza cha agogo tiiyambe. Ine ndikuona ngati Ogasiti.
18:03 Achimwene: Mmisiri ndalankhula naye kale, akuti simenti matumba 8.
18:04 Achimwene: Aliyense anene chimene angathe.
18:11 Msuweni: Tisanapite patali, ndalama za chipepeso zinatsala zija zili kuti?
18:12 Alamu: Ogasiti ali bwino achimwene.
18:15 Achimwene: (zithunzi zitatu za ziliza)
18:16 Mng'ono wanga: Chachiwiricho n'chokongola.
18:19 Mayi aang'ono: Inenso chachiwiri.
18:40 Achemwali a ku Joni: Ogasiti ine sindingathe. Okutobala.
18:41 Achimwene: Okutobala alibe vuto achemwali, mwinanso ndiye wabwino, anthu amakhala atapeza kangachepe.
18:41 Alamu: Zoonadi, Okutobala.
18:42 Mayi aang'ono: Tamva mwanangu.
18:50 Msuweni: Pepani ndibwerezenso, za chipepeso zija bwanji?
18:52 Achimwene: Ndiye matumba 8 aja tigawane bwanji?
18:55 Mng'ono wanga: Ine awiri.
19:30 Achemwali a ku Joni: Paja za chipepeso zinatsala zingati?
19:31 Achimwene: K180,000 achemwali, zili ndi mayi aang'ono, kope lake lilipo.
19:33 Mayi aang'ono: Zilipo mwanangu, sizinakhudzidwe.
21:05 Amalume: Ndamva zonse. Loweruka ndikaonana ndi amfumu, tsiku ndikuuzani ndikabwerako.

Pambuyo pa uthenga wa amalume panabwera "zikomo amalume" kasanu, kenako gulu linati zii mpaka m'mawa.

Pa mauthenga 19 amene ndawalemba pamwambapa, 7 ndi a achimwene. Achemwali ali ndi awiri, amalume umodzi. Wowerenga pongoona kuchuluka akhoza kupereka ufumu kwa achimwene. Tiyeni tione ngati ufumuwo ungakhalitse.

Funso ndi ngongole

Cha m'ma 1960 ndi 1970, akatswiri a chikhalidwe cha anthu ku America, Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson, anayamba kujambula anthu akucheza n'kumalemba mawu aliwonse, ndi kupuma komwe. Mu 1974 anafalitsa zimene anapeza pa mmene anthu amapatsirana mpata wolankhula. Chimodzi mwa zinthu zimene iwo anaziika poyera, ngakhale kuti agogo athu ankachidziwa kale pabwalo, n'chakuti mawu ambiri amayenda awiriawiri. Moni amafuna moni. Funso limafuna yankho. Pempho limafuna kuvomera kapena kukana. Munthu akaponya mbali yoyamba, waika ngongole pa mnzake, ndipo ngongoleyo ikapanda kubwezedwa aliyense amaona kuti pali chimene chasowa. Mukalonjera munthu panjira iye n'kungodutsa, simunena kuti palibe chachitika. Mumanena kuti sanayankhe.

Ndiye poyamba penipeni powerenga macheza ndi apa: pezani mauthenga onse amene aika ngongole, kenako muone kuti ngongole ya yani yabwezedwa.

Msuweni anafunsa funso lomveka bwino pa 18:11. Uthenga wotsatira, wa alamu pa 18:12, unalumpha funsolo n'kukayankha achimwene. Izi pazokha si mlandu, pakuti mwina alamu anali atayamba kale kulemba funsolo lisanafike. Koma pa 18:15 achimwene anaponya zithunzi, ndipo anthu awiri anathamangira kusankha chiliza. Funso lija linakwera m'mwamba, n'kubisika kuseri kwa zithunzi. Pa 18:50 msuweni analibwereza, tsopano ndi "pepani" patsogolo. Patangodutsa mphindi ziwiri achimwene analemba, kusonyeza kuti foni inali m'manja, koma analemba za matumba a simenti.

Pa 19:30 achemwali anafunsa funso lomwelo, m'mawu ochepa, opanda pepani. Yankho linabwera pa 19:31, lili ndi chiwerengero cha ndalama, dzina la wosunga, ndi umboni wa kope umene sanaufunse n'komwe. Patapita mphindi zina ziwiri wosungayo anadzitulukira yekha kudzatsimikiza.

Apa ndi pamene ndimakonda kuima nthawi yaitali, chifukwa mwayi ngati umenewu supezeka tsiku lililonse. Funso ndi limodzi, gulu ndi limodzi, usiku ndi umodzi. Chimene chasintha ndi wofunsa yekha. Sitinganene kuti funsolo linali lovuta kapena kuti yankho silinkadziwika. Ngongole ya msuweni gulu linaiona kuti ikhoza kudikira, ya achemwali ayi. Ndipo zifukwa zake sizobisika kwa aliyense wodziwa banja lachichewa: msuweni ndi mwana wa amalume, mbumba yake ili kwa mayi ake, choncho pa chiliza cha agogo awa ena amamuona ngati woitanidwa. Achemwali ndi mwana wamkazi wamkulu wa mbumba, ndipo gawo lalikulu la simenti likhala la m'thumba mwawo. Kunena zoona zimandipweteka kuti msuweni anachitidwa chonchi, poti funso lake linali labwino kuposa mafunso onse a usiku umenewo.

Onaninso kutalika kwa mawu. Amene anaphunzira za macheza anaona kuti kuvomera kumabwera msanga ndiponso mwachidule, pamene kukana kumachedwa ndipo kumabwera kutavala zovala zambiri: kupepesa, kuyamikira kaye, kupereka zifukwa. Ife timadziwa zimenezi bwino, timati "maganizowo ndi abwino ndithu, koma mwina tikanaonanso". Munthu amene amakana wopanda zovala zimenezi, gulu n'kumulandira, ndiye kuti ali ndi malo ake. Achemwali anakana Ogasiti ndi mawu anayi okha, opanda chifukwa. Chifukwa chinaperekedwa ndi achimwene, amene maganizo awo ndiwo anakanidwa. Anagwira ntchito yokometsera chigamulo chimene chinagwetsa mawu awo omwe. Mukaona wokanidwa akupherapo mphongo pa kukanidwa kwake mkati mwa mphindi imodzi, mwadziwa kumene mphepo ikuchokera.

Kuyambitsa nkhani n'kosavuta, kuti igwire ndi nkhani ina

Anthu ambiri amaganiza kuti wosintha nkhani ndiye wolamula. Ayi. Aliyense amene ali ndi bandulo akhoza kuyambitsa nkhani. Nkhani imasanduka nkhani pokhapokha ena aitola.

Mu 1978 Pamela Fishman anafalitsa kafukufuku amene anachita pojambula macheza a m'nyumba zitatu za mwamuna ndi mkazi ku America. Anapeza kuti akazi ndiwo ankayambitsa nkhani zambiri ndi kufunsa mafunso ambiri, koma zosakwana theka la nkhani zawo ndi zimene zinkapitirira, pamene pafupifupi nkhani zonse zoyambitsidwa ndi amuna zinkagwira. Nyumba zitatu n'zochepa, ndipo sitingatenge zimenezi ngati lamulo la amuna ndi akazi kulikonse. Koma njira yake yowerengera ndi yothandiza kwambiri: musawerenge nkhani zoyambitsidwa zokha, werenganinso zimene zapulumuka. Kuyambitsa nkhani zambiri nthawi zina ndi chizindikiro chakuti munthu akuvutika kuti amveke.

Ine ndimati nkhani yagwira ngati anthu awiri osiyana ayankhapo mawu okhala ndi kanthu, osati kachithunzi ka chala chokha. Muyezo umenewu ndi wanga, mukhoza kuukweza ngati gulu ndi lalikulu, chofunika n'chakuti muugwiritse mofanana kwa onse.

Tikayeza chonchi, achimwene sali pansi. Nkhani ya chiliza inagwira, ya zithunzi inagwira msanga, ya kugawana matumba inapeza munthu mmodzi yekha. Msuweni anayesa kawiri, osaphula kanthu. Achemwali analowa kawiri, ndipo kawiri konse gulu lonse linatembenuka. Choncho achimwene ali ndi mphamvu ndithu, koma ya mtundu wake: amatha kutsegula nkhani ndi kukwirira ya munthu wochepa mphamvu. Chimene sangathe ndi kusunga nkhani yawo pamene achemwali aloza kwina.

Kusintha nkhani nakonso kuli ndi mitundu, ndipo mtundu umene munthu wasankha umaulula mmene akudzionera. Wina amagogoda kaye: "tisanapite patali", "pepani ndidule pang'ono", "ngati n'kotheka". Ameneyu akudziwa kuti akufunika chilolezo. Wina amangolowa ngati m'nyumba mwake, monga anachitira achemwali ndi "paja". Kamawu kameneka nkakang'ono koma kali ndi ntchito: kamaonetsa nkhani ngati chinthu chimene tonse tikuchidziwa kale, chongofunika kukumbutsana, moti woyankha alibe pozembera.

Mtundu wachitatu ndi wovuta kuugwira chifukwa sumveka ngati kusintha nkhani. Munthu amayankha kachigawo kamodzi ka zimene mwanena, n'kuchoka pamenepo kupita pa china choyandikana nacho, kenako china, mpaka gulu lili kutali ndipo palibe angaloze pamene linakhotera. Gail Jefferson analemba za kusuntha nkhani pang'onopang'ono kotereku, makamaka mmene anthu amachokera pa nkhani ya mavuto a mnzawo popanda kuoneka amwano. Tiyerekeze kuti achimwene akanayankha msuweni kuti: "Eya, za chipepeso n'zofunika, paja anthu anatithandiza kwambiri pamaliro paja, makamaka a mpingo. Kodi a mpingo tiwaitana angati pa chiliza?" Funso lakhudzidwa koma silinayankhidwe, ndipo tsopano pali funso latsopano limene likufuna yankho. Njira yogwirira zimenezi ndi kubwerera pa funso loyamba n'kudzifunsa mophweka: chimene chinafunsidwa, kodi tsopano ndikuchidziwa? Ngati munafunsa kuti ndalama zili kuti ndipo patadutsa mauthenga khumi simukudziwabe kumene zili, nkhani inakhotetsedwa, ngakhale aliyense analankhula mwaulemu.

Pa 18:52 achimwene anachita china chofanana nacho ndi mawu akuti "ndiye". Mawuwa amamveka ngati akupitiriza zimene tagwirizana, motero amachititsa uthenga umene uli pamwamba pake kuoneka ngati unali wongodutsa. Ndiponso anakwirira funso ndi funso linzake. Pa foni, funso latsopano limakhala pansi, pafupi ndi chala, ndipo anthu amayankha chimene chili pafupi.

Woomba mkota

Tsopano amalume. Uthenga umodzi, pa 21:05, patadutsa ola ndi theka gulu lili chete. Munthu wosadziwa kwathu akhoza kuwayesa mlendo wochedwa. Koma onani zimene uthengawo unachita. "Ndamva zonse" inasandutsa zokambirana za usiku wonse kukhala maganizo operekedwa kwa iwo. "Tsiku ndikuuzani" inatsegulanso chinthu chimene tonse tinkayesa kuti chatha pa 18:42, pamene Okutobala anavomerezedwa. Ndipo palibe anati "koma amalume, tagwirizana kale". Achemwali amene anagwetsa Ogasiti ndi mawu anayi, nawonso analemba "zikomo amalume".

Pabwalo la milandu kumudzi amfumu sayamba kulankhula. Amalankhula eni mlandu, ankhoswe, mboni, nduna, ndipo mwini bwalo amabwera kumapeto kudzaomba mkota. Mwambo umenewu sunatsale kumudzi, unalowa nafe m'mafoni. Choncho pagulu la Achewa, kuchedwa kulankhula kukhoza kutanthauza zinthu ziwiri zotsutsana: munthu alibe mawu, kapena mawu ake ndi omaliza. Kusiyanitsa kwake ndi komwe kuja, kuona chotsatira. Wochedwa wopanda mphamvu akalemba, gulu limapitiriza ngati sanalembe, kapena wina amamuuza kuti "werengani pamwambapo, takambirana kale". Wochedwa wamphamvu akalemba, anthu amathokoza n'kusiya.

Samalaninso ndi munthu amene amakonda kumanga mfundo: "ndiye tagwirizana kuti...". Womanga mfundo amasankha zolowa ndi zotsala. Ngati pa mfundo zisanu zimene zinanenedwa iye watchula zitatu, ndipo palibe wakumbutsa ziwiri zinazo, ndiye kuti mbiri ya msonkhano yalembedwa ndi iyeyo. Yerekezani chidule chake ndi mauthenga a pamwamba, muone kuti mawu a yani agwera panjira.

Tikaphatikiza, usiku umenewu unali ndi anthu atatu ogwira zingwe zosiyana. Achimwene ankatsegula nkhani ndi kuiyendetsa. Achemwali ankatha kuitembenuza nthawi iliyonse. Amalume ndiwo ankatseka. Funso lakuti "akulamula ndani" kawirikawiri lilibe yankho la dzina limodzi, ndipo ndi bwino kulifunsa katatu: akutsegula ndani, akutembenuza ndani, akutseka ndani.

Pamene ndondomeko ya mauthenga imanama

Zonse ndanenazi zaima pa chinthu chimodzi, chakuti uthenga wapansi unalembedwa ndi munthu amene anaona wapamwamba. Pocheza pamaso izi n'zoona. Kafukufuku wa mu 2009 amene anayerekeza zinenero khumi anapeza kuti mpata wa pakati pa funso ndi yankho ndi waufupi zedi kulikonse, kachigawo chabe ka sekondi, moti kuchedwa pang'ono kumamveka. Pa foni sizili choncho. Susan Herring analemba kale mu 1999 kuti pa macheza olemba a pakompyuta, mauthenga amaikidwa m'ndondomeko imene afikira, osati mmene akuyankhirana, motero funso ndi yankho lake zimalekanitsidwa ndi mawu a anthu ena. Anthu atatu akhoza kukhala akulemba nthawi imodzi, aliyense osaona za mnzake.

Kwathu kuno vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepo. Munthu wa kumudzi amalemba uthenga netiweki palibe, uthengawo n'kukhala ndi kachizindikiro ka wotchi mpaka atakwera pachulu. Ukamafika pagulu umagwera pakati pa nkhani ina, n'kuoneka ngati mwini wake wadula anthu pakamwa, pamene iye ankayankha za masana. Wina magetsi azima foni yathima. Wina bandulo yatha, agula mawa. Wachibale wa ku Joni ali pa nthawi yofanana ndi yathu, koma mwina ali pantchito imene salola foni m'manja. Wa ku Britain ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Ndipo gogo amene maso avuta amadikira mdzukulu kuti amuwerengere.

N'chifukwa chake kukhala chete kwa munthu si umboni pakokha. Kumasanduka umboni pamene munthuyo waonetsa kuti alipo. Achimwene pa 18:52 analemba patangopita mphindi ziwiri funso litabwerezedwa, ndipo pa 19:31 anaonetsa kuti yankho anali nalo. Alamu pa 18:12 sindingawaimbe mlandu, mphindi imodzi ndi yochepa. Lamulo langa ndi ili: kulumphidwa kamodzi ndi ngozi, koma munthu akabwereza funso, anthu n'kulembabe zina pambuyo pake, pamenepo ndiye pali nkhani. Ngati uthenga wolumphidwawo ndi wanu, WhatsApp imakuthandizani: dinikizani uthengawo, musankhe `Info`, ndipo muona amene auwerenga ndi nthawi yake. Pagulu zimenezi zimaoneka ngakhale munthu atazimitsa tizizindikiro tabuluu tija tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Kungoti zimangosonyeza kuti uthenga unaonekera pa foni yake, osati kuti anaumvetsa.

Chida china ndi kuyankha kolumikiza, pamene munthu wakoka uthenga wa mnzake n'kuuyankha, chimene WhatsApp inabweretsa mu 2016. Ichi chimachotsa kukayika kwakuti akuyankha yani. Muziona kuti mauthenga a yani ndi amene amakokedwa kwambiri, ndiponso amakokedwa kuti avomerezedwe kapena kuti atsutsidwe, chifukwa munthu amene aliyense akumutsutsa nayenso wagwira gulu, ngakhale kuti sakulitsogolera. Tizithunzi toika pansi pa uthenga, timene tinabwera mu 2022, n'tonyenga. Chala choloza m'mwamba chikhoza kukhala kuvomera, koma kawirikawiri ndi njira yobweza ngongole ndi ndalama yaing'ono: ndaona, koma sindilankhulapo. Funso lofuna chiwerengero likalandira zala zisanu popanda chiwerengero, silinayankhidwe.

Bodza lalikulu kuposa onse ndi la zimene sizinalembedwe pagulu. Pakati pa 18:55 ndi 19:30 panali mphindi 35 za chete. Patapita masiku ndinamva kuti msuweni anaimbira achemwali foni pa nthawi imeneyo. Ndiye funso la 19:30 linali lake lomwe, litabwereka pakamwa pa wina. Zimenezi sizisintha zimene taona, gulu limayankhadi achemwali msanga kuposa msuweni. Koma zikuonjezera chinthu chimene mizere ija siingaonetse: amene anaika nkhani ya chipepeso patebulo ndi msuweni, ndipo anadziwa khomo lolowera. Kwathu kulankhula kudzera mwa wina si chachilendo, ndi mmene ankhoswe amagwirira ntchito. Mukaona munthu wamphamvu akutulutsa mwadzidzidzi nkhani imene wina anailephera, kapena anthu atatu akuvomera chinthu chachikulu mofulumira modabwitsa, ganizirani kuti mwina zinaphikidwa kumbali.

Kuwerenga ndi pensulo

Ngati mukufuna kuyesa pa gulu lanu, musadalire kukumbukira, chifukwa mtima umakumbukira kwambiri pamene unalumphidwa iwo. Sankhani nkhani imodzi imene inafuna chigamulo, monga tsiku la chinkhoswe, chopereka cha banki m'khonde kapena kusankha komiti. Macheza a nthabwala ndi moni sakuuzani zambiri, mphamvu imaonekera pamene pali chotaya.

Pa foni ya Android mukhoza kutulutsa macheza onse polowa pagulu, kudina timadontho titatu, kenako `More`, `Export chat` ndi `Without media`. Mumapeza fayilo ya mawu okhaokha, mzere uliwonse uli ndi tsiku, nthawi ndi dzina. Koma dziwani kuti fayiloyi simaonetsa kuti uthenga unakoka uti, simaonetsa tizithunzi ta pansi pa uthenga, ndipo pamene panali chithunzi kapena uthenga wa mawu pamangolembedwa `<Media omitted>`. Akuluakulu ambiri amalankhula ndi mauthenga a mawu, choncho mukadalira fayilo yokha mudzachotsa pakamwa pa anthu amene mwina ndiwo eni bwalo. Khalani ndi foni pambali. Kumbukiraninso kuti uthenga ukhoza kukhala utafufutidwa, kapena kusinthidwa mkati mwa mphindi 15 utatumizidwa, moti yankho lina limaoneka lachilendo chifukwa chimene linkayankha chinasintha.

Papepala lembani mayina kumanzere. Pa dzina lililonse muwerenge mafunso kapena mapempho amene munthuyo anaponya ndi amene anayankhidwa mokwanira, nkhani zimene anayambitsa ndi zimene zinagwira, ndi kangati pamene gulu linasiya nkhani iye atalankhula. Nthawi yodikira yankho muiyerekeze ndi ya anthu ena pa ola lomwelo, osati ndi wotchi chabe: mphindi khumi pagulu logona si kanthu, koma pagulu limene ena akuyankhidwa m'mphindi imodzi ndi zambiri. Ndipo chitani zimenezi pa nkhani zitatu kapena zinayi zosiyana musananene kanthu za munthu. Pa gulu lathu lomweli, nkhani ikakhala ya matenda ndi chipatala, amene amatembenuza onse ndi mng'ono wanga, namwino, yemwe pa nkhani ya chiliza ankangosankha zithunzi. Mphamvu zina zimatsata munthu, zina zimatsata nkhani.

Uadimini muuike padera. Adimini akhoza kuchotsa munthu, kufufuta uthenga wa wina, kapena kutseka gulu kuti azilemba maadimini okha. Imeneyo ndi mphamvu ya loko ndi kiyi. Nthawi zina adimini amene wafika potseka gulu ndi amene walephera kutseka nkhani ndi mawu.

Pepala limeneli ndi lanu nokha. Mauthenga a pagulu la banja kapena la mpingo anthu analembera anzawo, osati dziko, ndipo kuponya ziwerengero pagulu kuti "onani mmene mumandilumphira" kumabala mkangano woposa umene munali nawo. Ntchito yake yabwino ndi kukusinthani inuyo powerenga. Chiyambire usiku uja, ndikaona funso la munthu lakwiriridwa ndi zithunzi, ndimalikoka n'kulemba kuti "ili silinayankhidwe". Mawu awiri amenewa amabweza funso pansi pafupi ndi zala za anthu, ndipo amasandutsa ngongole ya munthu mmodzi kukhala ya awiri, imene ndi yovuta kuilumpha.

Loweruka lija amalume anakaonanadi ndi amfumu. Lamlungu madzulo analemba tsiku, Loweruka lachiwiri la Okutobala, ndipo anaonjeza kuti ndalama za chipepeso ziyambe ndizo kugula simenti, kope lake asunge msuweni.